Mmene mungalembere zilankhulo pa sivi osadzitchera nokha msampha

Mwana wa achemwali anga anafunsira ntchito yofunsa anthu mafunso a kafukufuku m'madoko a kuno ku Salima, cha ku Senga Bay mpaka kukafika ku Chipoka, ntchito yocheza ndi asodzi komanso amayi ogula usipa. Pa sivi yake analemba zilankhulo zisanu, Chichewa, Chingerezi, Chiyao, Chiswahili ndi Chifalansa, nde zitatu zoyambazo anaikapo mawu aja aliyense amakonda, Fluent. Tsiku la intaviyu mayi wina pa tebulo la ofunsa anangotembenuka nkumupatsa moni m'Chiyao, iye anayankha bwinobwino poti moni amaudziwa, agogo ake ndi Myao. Kenako mayi uja anati tiyerekeze kuti ine ndi msodzi, undifotokozere m'Chiyao kuti sindikukakamizidwa kuyankha mafunsowa, dzina langa silituluka, ndipo nditha kusiya nthawi ina iliyonse. Mwana uja anangofika pa chiganizo chachiwiri basi mawu anatha. Atabwera kunyumba anandiuza kuti amalume, chomwe chandiwawa si Chiyaocho, koma atangoona kuti ndakanika anayamba kundifunsa mokayikira ngakhale za kompyuta zomwe ndimazitha ndithu.

Vuto la gawo la zilankhulo ndi limeneli, kuti pa sivi yonse ndi lokhalo lomwe munthu angakuyeseni pompopompo opanda chida chilichonse. Satifiketi amafunika nthawi kuti akafufuze, za komwe munagwirako kale amafunika kuimba foni, koma chilankhulo amangosintha pakamwa basi mayeso ayamba. Nde tinakhala pansi ine ndi iyeyo nkulikonzanso gawo limeneli, ndipo ndondomeko tinatsata ndi iyi.

Yambani ndi pepala wamba, sivi ikhale kaye pambali

Lembani chilankhulo chilichonse chomwe munakhudzanapo nacho, olo chomwe mukuona ngati nchosafunika. Pambali pa chilichonse muyankhe mafunso awiri, ndinachiphunzira kuti, ndipo ndinachigwiritsa ntchito komaliza liti. Funso lachiwirili ndi lomwe limaulula zambiri. Mwana uja Chifalansa anachiphunzira Fomu 1 ndi Fomu 2, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, kuchokera pamenepo sanatsegulepo pakamwa. Chiswahili anachitolera kwa madalaivala ndi amalonda a zitenje ochokera ku Tanzania, amatha kufunsa mtengo ndi kunenerera basi. Chiyao amachimva kwa agogo tsiku ndi tsiku koma iye amayankha m'Chichewa, zomwe ana ambiri a m'mbali mwa nyanja muno amachita.

Pa pepalali musadzichepetsenso ayi. Ndaonapo anthu a ku Dwangwa olankhula Chitonga chenicheni kuyambira ali ana koma pa sivi sachilemba, ati nchakumudzi sichingathandize. Chonsecho bungwe lomwe likufuna munthu woti akacheze ndi anthu kumpoto kwa Nkhotakota mpaka kulowa Nkhata Bay likusowa munthu ngati ameneyo.

Chilankhulo chilichonse muchigawe panayi

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, nde ndichedwapo. Kudziwa chilankhulo si chinthu chimodzi, pali kumva, kulankhula, kuwerenga ndi kulemba, ndipo kwa ife a kuno zinayi zimenezi nthawi zambiri sizimayendera limodzi. Chingerezi ambiri tinachiphunzira m'kalasi, nde kuwerenga ndi kulemba zili patsogolo koma mlendo wa ku loji akalankhula mothamanga kapena pa foni timasowa pogwira. Chiyao ndi Chitonga ndi mosemphanitsa, munthu amamva zonse, amalankhula, koma sanalembepo chiganizo chifukwa kusukulu sanatiphunzitse kalembedwe kake. Olo Chichewa chomwechi, tonse timalankhula koma si tonse tingalembe chikalata chopita kwa a gulupu kapena uthenga wa pa wailesi opanda kusakaniza Chingerezi ndi kudula mawu molakwika.

Ena mwa abale athu achisilamu kuno ndi ku Nkhotakota anapita ku madarasa ndipo amawerenga malemba a Chiarabu mwaluso ndithu. Limenelo ndi luso lenileni, koma kuwerenga malemba opatulika ndi kucheza ndi munthu wa ku Dubai za katundu ndi mitengo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mukangolemba Arabic osafotokoza, wowerengayo aganiza kuti mutha kumasulira pa msonkhano. Lembani kuti mumawerenga, kulankhula ayi, ndipo palibe chomwe mwataya. Chimodzimodzi amene munakhalako ku Joni, Chizulu cha pa ntchito ndi cha mu tekisi mwina mumachitha ndithu, koma mudzifunse ngati mungachilembe.

Nde jambulani mizere inayi pa pepala lija, pamwamba mulembe kumva, kulankhula, kuwerenga, kulemba. Musadzazemo kaye, dikirani mudziyese.

Dziyeseni ndi ntchito yeniyeni, osati ndi maganizo

Munthu ukamadzifunsa wekha kuti kodi Chiyao ndimachitha, mtima umayankha kuti eee chifukwa ukukumbukira nthawi zomwe zinayenda bwino, ngati moni ndi macheza a pa maliro. Mayeso abwino ndi omwe akufanana ndi zomwe mukachite pa ntchitopo. Ife tinachita chonchi, ndipo zonse zinatheka madzulo awiri.

Pa kumva, tinatchera nkhani za pa wailesi. Wailesi ya MBC imaulutsa nkhani m'zilankhulo zingapo za m'dziko muno kuphatikizapo Chiyao, Chitumbuka ndi Chitonga, nde mvetserani mpaka kumapeto kenako mufotokozere munthu wina mitu ya nkhanizo ndi tsatanetsatane wake, ndani wachita chani, kuti, chifukwa chani. Mukangogwira mutu wokha koma tsatanetsatane wakudutsani, kumva kwanu nkwapakati. Pa Chingerezi musayesere nkhani zowerengedwa ndi Mmalawi zokha poti katchulidwe kake tinakazolowera, yesaninso wailesi yakunja kapena vidiyo ya anthu awiri akukambirana mwachangu. Mwana uja pa Chiyao anagwira pafupifupi zonse, nde pa kumva tinalemba kuti ali bwino kwambiri.

Pa kulankhula, tengani foni, tsegulani chojambulira mawu, mulankhule mphindi zitatu osaima pa nkhani ya ntchito mukufunsirayo. Osati za banja lanu kapena za mpira ayi. Ngati ndi ntchito ya pa risepushoni ku loji, fotokozerani mlendo kuti chipinda chomwe anabukitsa chapatsidwa kwa wina molakwika, mupepese, mumuuze chomwe muchite. Ngati ndi ya ulangizi, fotokozani chifukwa chomwe nyanja amaitsekera nyengo yoswana nsomba. Mukatha mvetserani, ndipo muwerenge kuti kangati mwathawira ku Chichewa, kangati mwaima kusakasaka liwu. Mwana uja m'Chiyao anathawira ku Chichewa kasanu ndi kawiri mphindi ziwiri zisanathe. M'Chingerezi anamaliza mphindi zitatu zonse, zolakwika zinalipo koma uthenga unamveka. Pamenepo sipanafunikenso kukangana, iye mwini anamva yekha.

Mukafuna mayeso okhwima kuposa apa, imbirani foni munthu yemwe chilankhulocho nchakwawo mumupemphe kuti asasinthe olo mukakamire bwanji. Pa foni palibe manja, palibe nkhope, nde zomwe mumabisa ndi kumwetulira zimaonekera. Koma musankhe munthu woti akuuzeni zoona. Agogo amakukondani, angokuuzani kuti mwatha.

Pa kuwerenga ndi kulemba, pezani ndime imodzi ya chikalata cha ntchito, mwina ya pa chilengezo cha ntchito chomwecho, muimasulire kupita m'chilankhulo mukudziyesacho opanda kuyang'ana pa intaneti, kenako wina wodziwa aione. Lembaninso imelo ya mizere khumi yofotokoza vuto kwa bwana. Ngati zakutengerani ola lathunthu kapena mwachita kufunsa liwu lililonse, ndiye kuti kulembako sikunafike poti mungakudalire pa ntchito, ndipo si chamanyazi, mwangodziwa pomwe muli.

Tsopano sankhani liwu loyenera

Poti masivi ambiri kuno timalemba m'Chingerezi, mawu omwe mutaipe ndi a Chingerezi, nde mudziwe chomwe wowerenga amamva akawaona. Native kapena Mother tongue ndi chilankhulo chomwe munakula nacho ndipo mumaganiza nacho. Fluent wowerenga amamva kuti atha kukutumani kukatsogolera msonkhano, kuyankha mafunso osayembekezereka, kukangana mwaulemu, osatopa ndi osathawira kwina. Ndi liwu lolemera, musaliike chifukwa choti mnzanu analiika. Working proficiency kapena Good ndiye kuti ntchito mugwira, imelo mulemba, foni muyankha, koma zolakwika zilipo ndipo nkhani ikalowa mwakuya mumachedwa. Conversational ndi macheza a tsiku ndi tsiku, kumsika, pa basi, kufunsa njira. Basic ndi moni, manambala ndi ziganizo zochepa.

Lamulo lomwe ndimauza aliyense ndi loti mukakayikira pakati pa masitepe awiri, tengani la m'munsi. Wolemba Good nkukalankhula bwino kuposa mmene amayembekezera amatuluka m'chipindamo atakwera mtengo, pomwe wolemba Fluent nkukakakamira amatsika, chonsecho mwina anthu awiriwa Chingerezi chawo nchofanana ndendende.

Mabungwe ena akunja, makamaka a ku Ulaya, amafuna muyezo wa CEFR womwe unakonzedwa ndi Council of Europe. Uli ndi masitepe asanu ndi limodzi, A1, A2, B1, B2, C1 ndi C2. Mwachidule A ndi woyamba kumene, B1 ndi munthu yemwe amatha kudzithandiza pa nkhani zomwe anazizolowera nkufotokoza maganizo ake mwachidule, B2 ndi yemwe amacheza ndi eni chilankhulo popanda wina kuvutika ndipo amalemba zomveka pa nkhani zosiyanasiyana, C ndi katswiri. Anthu amathamangira C2 poganiza kuti china chilichonse nchochepa, koma B2 ndi sitepe yolemekezeka yomwe ntchito zambiri za mu ofesi zimatheka nayo. Ngati fomu sinafunse zilembo zimenezi ndipo sivi ikupita ku kampani ya konkuno, zisiyeni, manejala wina sazidziwa nkomwe. Ndipo ngati mwadziyeza nokha osalemba mayeso, onjezerani mawu oti self-assessed kuti asaganize kuti muli ndi satifiketi.

Chinthu china chomwe ndikupemphani musiye ndi tinyenyezi, timadontho ndi timizere todzaza theka tomwe timabwera ndi masivi okongola a pa intaneti aja. Nyenyezi zinayi mwa zisanu pa Chingerezi zikutanthauza chani? Kapena 80%, ya chani? Palibe angayankhe, ndipo sivi ikasindikizidwa pa pulinta yotha inki timadonthoto sitioneka nkomwe. Mawu ndi omwe amagwira ntchito.

Dulani, sanjani, ikani umboni

Bwererani ku chilengezo cha ntchito muone chomwe afunsa. Chilengezo chomwe mwana uja anayankha chinati Chichewa ndi Chingerezi nzofunika, Chiyao ndi mwayi woonjezera. Nde zitatu zimenezi ndi zomwe ziyenera kuoneka bwino, kuyambira chomwe ali nacho mphamvu. Chifalansa tinachichotsa chonse. Zinamuwawa pang'ono poti chimaoneka chapamwamba, koma ndinamufunsa kuti mlendo wa ku France atalowa pano ungamuthandize chani kupitirira moni, anati palibe. Chilankhulo cha Basic chimayenera malo pokhapokha ngati ntchitoyo ingachigwiritse ntchito, mwachitsanzo Chiswahili chochepa kwa wofunsira ntchito pa malo omwetsera mafuta pa msewu wa M5 pomwe madalaivala a ku Tanzania amaima. Pa ntchito ya kafukufuku wa asodzi ija tinachisiya mzere umodzi waufupi kumapeto.

Gawo lake latsopano linaoneka chonchi:

```
LANGUAGES
Chichewa: native; speak, read and write
English: good working level; write reports and emails; MSCE credit
Yao: understand very well; conversational speaking; do not write
Swahili: basic, spoken only
```

Onani mzere wa Chiyao. Sukubisa kanthu koma sukumuchepetsanso, ukuuza bwana kuti mtsikanayu akakhala pa doko amva zonse zomwe asodzi akukambirana, atha kulonjera ndi kucheza, koma fomu yopempha chilolezo m'Chiyao ifunika wina amuthandize. Bwana wanzeru atha kukonza gulu lake ndi uthenga umenewu, amuphatikiza ndi mnzake wolankhula kwambiri basi.

Za umboni, ikani chomwe chilipo chenicheni. Giredi ya MSCE ndi umboni, paja 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi. Koma mudziwe malire ake, mayeso amenewa ndi olemba, nde kirediti ikuchitira umboni kuwerenga ndi kulemba kwanu, osati pakamwa. Ngati munalemba mayeso a Chingerezi a IELTS ikani sikoo ndi chaka chomwe munalemba, poti malo ambiri amailandira kwa zaka ziwiri zokha, ndipo kubisa chaka kumaoneka ngati chinyengo akazindikira. Umboni wina wabwino kwambiri ndi ntchito yomwe munagwirapo ndi chilankhulocho, monga kumasulira ulaliki kutchalitchi kapena ku mzikiti, kumasulirira alendo pa bwato, kuphunzitsa sukulu ya mkaka m'Chitonga. Zoterezi muzilembe pa gawo la ntchito zomwe munagwirapo, ndi nthawi yake, zimalankhula mokweza kuposa liwu loti Fluent.

Tizinthu tiwiri ta mayina tomwe timasokoneza. Chichewa ndi Chinyanja musazilembe ngati zilankhulo ziwiri kuti mndandanda utalike, wodziwa angoona kuti mukuchulukitsa dala. Ngati sivi ikupita ku Zambia, ku Mozambique kapena ku bungwe lakunja, lembani Chichewa/Nyanja pa mzere umodzi chifukwa kumeneko dzina lodziwika ndi Nyanja. Ndipo a Chitonga, mukamafunsira kunja muonjezere kuti ndi cha ku Malawi, poti ku Zambia ndi ku Zimbabwe kulinso Chitonga china chosiyana ndi cha kunyanja kuno, angakutumeni kwa anthu omwe simumvana nawo.

Mafomu ena a pa intaneti salola kufotokoza, amangokupatsani bokosi loti musankhe liwu limodzi pa chilankhulo chonse. Zikatero yang'anani luso lomwe ntchitoyo ikufuna kwambiri nkusankha molingana ndi limenelo. Ntchito yofunsa anthu mafunso ndi ya pakamwa, nde mwana uja pa Chiyao angasankhe sitepe ya kulankhula kwake, osati ya kumva olo kumvako kuli pamwamba. Zotsalazo mukazifotokoze m'kalata yofunsira ntchito ndi chiganizo chimodzi. Muonetsetsenso kuti zomwe zili pa sivi, pa fomu ndi pa LinkedIn ngati muli nayo zikufanana, chifukwa pena munthu amalemba Fluent uku, Basic uko, ndipo ofunsa amaziika pamodzi.

Sivi yomweyo ndi mayeso a Chingerezi chanu

Ichi ambiri amaiwala. Mukalemba kuti Chingerezi chanu ndi Excellent koma m'kalata yofunsira ntchito muli zolakwika mzere uliwonse, mwadzitsutsa nokha musanaitanidwe nkomwe. Ndaonapo sivi yolembedwa Fluent koma liwu lomwelo litalakwika sipelo. Mbali inayo iliponso, kalata yomwe anakulemberani wina pa malo otaipitsa, Chingerezi chake chozama kwambiri, nde pa intaviyu mukulephera kufotokoza mawu omwe ali m'kalata yanu yomwe. Kupempha munthu kuti akuonereni zolakwika nkwabwino, koma mawu akhale oti inuyo mutha kuwanena ndi pakamwa panu.

Kukonzekera tsiku la intaviyu

Chilankhulo chilichonse chomwe chatsala pa sivi, yembekezerani kuti wina pa tebulopo amachidziwa. Kuno ku Salima kapena ku Nkhotakota mwayi woti pa anthu atatu ofunsa pali wodziwa Chiyao, Chitonga kapena Chitumbuka ndi waukulu ndithu. Nde usiku woti mawa intaviyu, yesererani m'chilankhulo chilichonse zinthu zitatu, kudzifotokoza kuti ndinu ndani, chifukwa chomwe mukufunira ntchitoyo, ndi chinthu chimodzi cha ntchitoyo chomwe mungauze kasitomala kapena munthu wa m'mudzi. Osaloweza ngati ndakatulo, chifukwa funso lotsatira likangosiyana ndi zomwe munaloweza kusiyana kwake kumamveka kwambiri.

Akakusinthirani chilankhulo, yankhani mpaka pomwe mungathe, ndipo mukafika pa malire nenani poyera mwaulemu, monga kuti bwana, monga ndinalembera pa sivi, ndamva zonse mwanenazi koma kuti ndiyankhe mwatsatanetsatane ndipempha ndipitirize m'Chichewa. Kenako yankhani funsolo molondola m'Chichewamo, apo mwaonetsa kuti kumva kuja munalemba nkoona. Choipa ndi kugwedeza mutu ngati mwamva pomwe simunamve, poti pa ntchito ya kafukufuku kapena ya chipatala munthu wotero amalemba mayankho olakwika, ndipo ofunsa amaopa zimenezo kuposa munthu wonena kuti apa sindinamve, bwerezani.

Mwana uja panopa anagwirizana ndi agogo ake kuti madzulo aliwonse pa nthawi ya nsima aziwayankha m'Chiyao chokhachokha, ndipo amalemba m'kabuku mawu a ntchito omwe amasowa, monga a chilolezo, chinsinsi, ngongole ndi phindu. Tinapangana kuti pakatha miyezi itatu tijambulenso mphindi zitatu zija pa nkhani yomweija ya msodzi, akamaliza osathawira ku Chichewa tikasintha mzere wa Chiyao pa sivi kuchoka pa conversational kupita pa good working level.